Musanalonjeze kanthu kwa othandiza gulu lanu, werengerani ntchito yake

Magulu ambiri a pa Likoma, kaya ndi a malipenga, a chioda, makwaya kapena matimu a mpira, amadalira ndalama za anthu amene savina, sayimba ndipo samenya mpira. Ena ali pachilumba pomwepa, ena anapita kukagwira ntchito ku Mzuzu, ku Lilongwe kapena ku Joni koma mtima uli kwawo. Ndi nzeru kuwaika anthu otere m'magawo, aliyense azisonkha molingana ndi thumba lake nalandirako kanthu kothokoza. Koma kanthu kothokozako n'kamene kamagwetsa makomiti, chifukwa pamsonkhano timalonjeza mwachimwemwe osafunsa kuti adzachita ntchitoyo ndani, ndipo idzadya ndalama zingati.

Tiyerekeze gulu la malipenga. Ziwerengero zotsatirazi ndi zongochitira chitsanzo, inu muikepo mitengo ya lero. Poyamba lembani zimene gulu limawononga pachaka: yunifolomu, zikopa za ng'oma, mafuta a boti paulendo wa ku Chizumulu, chakudya cha alendo obwera kudzavina nanu. Tinene kuti zonse zakwana K1,200,000. Mtengo wa umembala uchokere pa chiwerengero chimenechi, osati pa zimene gulu la mudzi woyandikana likulipiritsa.

Magawo atatu ndi okwana. Akachuluka, mlembi amasokonezeka ndipo anthu amayamba kufunsa kusiyana kwake. Gawo loyamba likhale la K1,000 pamwezi, ndalama imene mayi wogulitsa usipa angatulutse osakagona ndi njala. Anthu 40 otere apereka K480,000 pachaka. Gawo lachiwiri likhale la K3,000, la aphunzitsi, anamwino ndi eni magolosale. Anthu 15 apereka K540,000. Gawo lachitatu la K10,000 ndi la ochepa, makamaka okhala kutali, ndipo anthu 4 apereka K480,000. Zonse pamodzi ndi K1,500,000. Musasangalale msanga ndi K300,000 yapamwambayo. Muiyese kuti palibe, chifukwa pagulu lililonse ena amadwala, ena amagwa m'maliro, ena amangosiya. Mukachotsa gawo limodzi mwa magawo asanu, mwatsala ndi K1,200,000 imene mumafuna ija.

Tsopano pa zothokoza, pamene pagona nkhani. Zilipo za mitundu iwiri. Zina mumachita kamodzi n'kukwanira onse: kuwerenga mayina a othandiza tsiku la gule, kujambula kanema pafoni n'kutumiza pa WhatsApp, kuika mabenchi apatsogolo pamthunzi wa mlambe. Kaya othandiza ndi 10 kaya ndi 60, ntchito yake ndi yomweyo. Zina zimafuna kuti muchitire munthu aliyense payekha: phukusi la nsomba, malaya olembedwa dzina, kukavina paukwati wa mwana wake. Izi zimakula pamodzi ndi chiwerengero cha anthu, kotero gulu likamatchuka m'pamenenso komiti imalemedwa.

Taonani phukusi la usipa. Wina pamsonkhano anena kuti a K10,000 aja tiziwatumizira usipa wouma mwezi ndi mwezi, poti kutauni amaulakalaka. Onse awomba m'manja. Koma usipawo ugulidwe, usankhidwe, umangidwe m'katoni, wina aunyamule kupita ku Mbamba tsiku la Ilala, adikire sitima imene nthawi zina imafika mochedwa, apeze wapaulendo wokhulupirika, ndipo ku Nkhata Bay pakhale wina wouika pa minibasi. Ngati zonsezi zadya K7,000, m'thumba la gulu mwatsala K3,000, chimodzimodzi ndi wa gawo lachiwiri amene sanavutitse munthu. Pamwamba pake mayi wina wa m'komiti wataya theka la tsiku, wasiya ntchito za pakhomo pake. Nthawi ya mwera, cha mu Juni ndi Julayi, asodzi akamalephera kulowa m'nyanja, usipa umasowa ndi kukwera mtengo koma lonjezo lanu likadali pomwepo. Ine ndinganene kuti phukusi lotere lizipita kamodzi pachaka, nsomba zikachuluka. Apo mwawononga K7,000 pa K120,000 imene munthuyo wapereka, ndipo adzalilandira mokondwa.

Muyeso wosavuta ndi uwu: chothokoza chisadye zoposa gawo limodzi mwa magawo khumi a zimene munthuyo wasonkha, ndipo pambali pa lonjezo lililonse m'kope mulembe dzina la wochita ntchitoyo ndi maola ake. Lonjezo lopanda dzina pambali lifufutidwe msonkhano usanathe. Kukavina paukwati muziikira malire, mwina maulendo awiri pachaka, oyamba kupempha ndiwo oyamba kuthandizidwa, ndipo mwini ukwati alipire yekha mayendedwe ndi chakudya. Ovina nawonso ali ndi maukonde ndi mabanja awo.

Ntchito ina imene anthu saiwerengera ndi yotolera ndalama. Mu chitsanzo chathu muli anthu 59. Ngati msungichuma atha mphindi 10 pa munthu aliyense, kulonjerana, kulandira ndi kulemba lisiti, ndiye pafupifupi maola 10 pamwezi, osawerengera kuyenda ngati wina ali ku Makulawe wina ku Nkhwazi. Choncho a gawo loyamba azisonkha kamodzi pa miyezi itatu, K3,000 nthawi imodzi, tsiku loyeserera gule pamene anthu asonkhana kale. Tsikulo ligwe m'masiku a mdima, pamene asodzi a usipa akupha bwino ndi nyali zawo ndipo ndalama ikuyenda m'mudzi. Mwezi ukawala m'matumba mumauma. Akutali azitumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, ku nambala imodzi yokha yodziwika kwa onse, ndipo muwauze poyamba kuti aziwonjezera yotapira. Uthenga wa ndalama ukangolowa, ulembedwe m'kope tsiku lomwelo pamaso pa munthu wachiwiri.

Pali chimodzi chimene sindingalole kuti chigulitsidwe m'gawo lililonse: mawu pa zochita za gulu. Wa K10,000 alandire ulemu wake, dzina lake litchulidwe poyamba, akabwera kutchuthi akhale pampando wabwino. Koma asasankhe woimba ng'oma kapena kulamula kumene gulu lipite. Mukangolola zimenezo, a K1,000 aja adzamva kuti gule si wawonso, chonsecho mu chitsanzo chathu iwo 40 akupereka ndalama yofanana ndi ya akuluakulu anayiwo. Ndipo mmodzi mwa anayiwo akachotsedwa ntchito ku Joni, K120,000 yapita tsiku limodzi, pamene wa gawo loyamba akasiya mwataya K12,000 yokha.

Kuti zinthu zayamba kupotoka mudzadziwa msanga mukamayang'ana. Kanema wa mwezi watha sanatumizidwe. Mlembi wayamba kujomba kumisonkhano. Msungichuma akutapa ndalama ya yunifolomu kuti agulire phukusi la munthu. Mukaona chimodzi mwa izi, musathamangire kufuna mamembala atsopano. Chepetsani malonjezo kaye. Auzeni othandiza poyera kuti chakutichakuti chatikulira, tikuchisintha motere kuyambira mwezi wakuti.

Mitengo nayo iunikidwe kamodzi pachaka, pamsonkhano waukulu, chifukwa mafuta a boti ndi nsalu sizikhala pamtengo umodzi. Muwerenge poyera zimene zinalowa ndi zimene zinatuluka, kenako mulengeze mtengo watsopano kutatsala miyezi iwiri kuti uyambe. Amene analipiriratu chaka chonse asawonjezere kanthu mpaka chaka chawo chithe, ndipo amene gawo lake lamukulira aloledwe kutsikira m'gawo lapansi popanda kumutchula pagulu.