Phindu Lilipo, Ndalama Palibe: Kuwerenga Lipoti la Kayendedwe ka Ndalama

Mu Okutobala 1975 kampani ya W.T. Grant, yomwe inali ndi masitolo oposa 1,000 ku America, inalephera kulipira ngongole zake ndipo chaka chotsatira inatsekedwa. Chodabwitsa n'chakuti mpaka cha m'ma 1973 mabuku ake ankasonyeza phindu chaka ndi chaka. Vuto linali lakuti inkagulitsa katundu wambiri pa ngongole, osaonetsetsa ngati ogulawo adzathe kulipira. Pa zaka zambiri mwa zaka khumi zomalizazo, malonda ake ankatulutsa ndalama zochuluka kuposa zomwe ankalowetsa, ndipo kampaniyo inkangokongola kuti itseke mpatawo.

Izi zimatheka chifukwa phindu ndi ndalama si chinthu chimodzi. Mukapereka katundu kwa kasitomala lero, mabuku amalemba kuti mwagulitsa, ngakhale munthuyo adzalipire pakatha miyezi itatu. Koma antchito, eni nyumba ndi banki salandira phindu la pa pepala, amafuna ndalama zenizeni. Lipoti lomwe limasonyeza ndalama zenizenizo ndi la kayendedwe ka ndalama, lomwe ambiri amangolitchula kuti kashi fulo.

Lipotili lili ndi magawo atatu. Gawo loyamba ndi la ndalama zochokera ku malonda a tsiku ndi tsiku. Lachiwiri ndi la kugula kapena kugulitsa zinthu zokhalitsa monga nyumba, makina ndi magalimoto. Lachitatu ndi la mpamba: ngongole zomwe kampani yatenga kapena yabweza, ndalama zomwe eni ake aikamo, ndi zomwe agawana. Nambala ikakhala m'mabulaketi, ndiye kuti ndalamazo zatuluka.

Tiyerekeze kampani yogulitsa simenti ndi malata kwa omanga nyumba. Chaka chatha inagulitsa katundu wa K160 miliyoni, chaka chino wa K200 miliyoni, ndipo phindu la chaka chino ndi K30 miliyoni. Aliyense woona manambala amenewa anganene kuti zinthu zikuyenda. Tiyeni titsatire phinduli tione ngati linafika ku banki.

Gawo loyamba limayambira pa phindu, K30 miliyoni. Poyamba timaonjezerapo K5 miliyoni ya kutha kwa zipangizo. Galimoto ndi makina zimatsika mtengo chaka chilichonse, ndipo kutsikako kunachotsedwa kale powerengera phindu, koma palibe amene analipidwa ndalama imeneyi. Choncho timaibwezera, n'kufika pa K35 miliyoni.

Kenako timaona ngongole za makasitomala. Kumayambiriro kwa chaka, omanga nyumba anali ndi ngongole ya K20 miliyoni ku kampaniyi, koma pakutha pa chaka yafika K50 miliyoni. Kusiyana kwake, K30 miliyoni, ndi malonda omwe anawerengedwa kale m'phindu koma ndalama zake zikadali m'matumba a anthu ena. Tikachotsa, tatsala ndi K5 miliyoni yokha.

Katundu wa m'sitoko naye wakwera kuchoka pa K25 miliyoni kufika pa K45 miliyoni. Simenti yomwe yangounjikidwa mosungiramo katundu siichepetsa phindu mpaka itagulitsidwa, komabe inagulidwa ndithu, kotero tichotsanso K20 miliyoni. Pomaliza, ngongole yomwe kampaniyi ili nayo kwa omwe amaipatsa katundu yakwera kuchoka pa K15 miliyoni kufika pa K25 miliyoni. K10 miliyoni imeneyi sinatuluke, choncho timaionjezera. Masamu onse, m'mamiliyoni, ali motere:

30 + 5 − 30 − 20 + 10 = −5

Kampani yomwe yapanga phindu la K30 miliyoni yataya ndalama zenizeni zokwana K5 miliyoni pa malonda ake. Funso lotsatira n'lakuti, nanga inafika bwanji kumapeto kwa chaka? Yankho lili m'magawo awiri otsalawo. M'gawo lachiwiri, kampaniyi inagula lole ya K18 miliyoni. M'gawo lachitatu, inakongola K25 miliyoni ku banki, ndipo eni ake anagawana K10 miliyoni poona kuti phindu lilipo, ndiye kuti gawoli linalowetsa K15 miliyoni. Tikaphatikiza magawo onse atatu, ndalama zachepa ndi K8 miliyoni. Chaka chinayamba ndi K12 miliyoni ku banki, chatha ndi K4 miliyoni.

Taonani bwino apa. Malonda sanabweretse ndalama iliyonse, ndiye kuti lole ija komanso zomwe eni ake anagawana zinalipidwa ndi ngongole ndi ndalama zomwe zinasungidwa kale. Pakanapanda K25 miliyoni ya ku banki, kampaniyi ikanaperewera ndi K21 miliyoni. Chaka chamawa iyenera kuyamba kubweza ngongoleyo, pomwe malonda ake akudyabe ndalama.

Pali njira yachidule yoyezera kukula kwa vutoli. Tengani ngongole za makasitomala, gawani ndi malonda a chaka chonse, kenako chulukitsani ndi 365. Mupeza masiku omwe kasitomala amatenga asanalipire. Chaka chatha, 20 ÷ 160 × 365 anali masiku pafupifupi 46. Chaka chino, 50 ÷ 200 × 365 ndi masiku 91. Malonda akwera ndi 25 pa 100 aliwonse, pomwe ngongole zakwera ndi 150 pa 100 aliwonse. Izi zikutiuza kuti mwina kampaniyi ikukopa makasitomala powalola kuchedwa kulipira, kapena ena mwa iwo sadzalipira n'komwe. Ngati sadzalipira, phindu lomwe linalembedwa lija lidzafufutidwa m'chaka china.

Muchenjerenso ndi K10 miliyoni yomwe tinaonjezera ija. Pa pepala imaoneka ngati yathandiza, koma ndi ndalama ya eni ake yomwe kampaniyi yangochedwa kupereka. Popanda iyo, malonda akanataya K15 miliyoni. Kampani ina imatha kusonyeza kuti gawo loyamba lili bwino chifukwa choti yaleka kulipira omwe amaipatsa katundu. Tsiku lomwe iwo adzatope n'kunena kuti katundu azituluka pokhapokha ndalama italipiridwa, zonse zidzaonekera poyera.

Komabe musafulumire kuweruza ndi chaka chimodzi chokha. Kampani yomwe ikukula mofulumira imafunika sitoko yambiri, ndipo gawo loyamba likhoza kukhala m'mabulaketi kwa kanthawi popanda choopsa. Lipotili limaonetsanso ndalama za tsiku loyamba ndi lomaliza la chaka basi, silinena ngati pakati pa chaka malipiro anachedwa. Choncho ikani malipoti a zaka zitatu kapena kuposerapo pamodzi. Ngati phindu likukwera chaka chilichonse pomwe ndalama za gawo loyamba zikutsika, masiku olipirira akuchuluka, ndipo mpata ukutsekedwa ndi ngongole zatsopano, ndiye kuti mwapeza matenda omwe anagwetsa W.T. Grant.

Yeserani nokha: kampani yathu ija ikanasunga makasitomala ake pa masiku 46, ngongole zawo zikanakhala pafupifupi K25 miliyoni m'malo mwa K50 miliyoni. Werengeraninso gawo loyamba ndi nambala imeneyi, kenako muone ngati ngongole ya ku banki ija ikanafunika yonse.