Malangizo: Kukonza Mawu a Vidiyo Yaifupi ya Pafoni

Lero tikuyankhula ndi inu amene mumajambula mavidiyo afupiafupi oimirira, aja a pa TikTok ndi pa WhatsApp.

Tiyerekeze kuti mwalemba uthenga wa madzi a thanzi a mwana wotsekula m'mimba. Pa wailesi tikadayamba ndi moni ndi kudzitchula dzina. Pafoni zimenezo chotsani, poti woonera akangotopa amakankha ndi chala n'kupita kwina. Yambani ndi vuto lenilenilo: "Mwana akutsekula m'mimba? Chitani izi."

Kenaka chiganizo chilichonse chinyamule ntchito imodzi, ndipo chithunzi chisinthe nacho. "Sambani m'manja." Tione manja. "Thirani paketi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa." Tione botolo ndi paketiyo pafupi. Werengani mokweza mutatchera wotchi. Mukapuma pakati pa chiganizo, ndiye kuti chatalika, chiduleni. Koma chonde musadule muyezo pofuna kufulumira, pakuti madzi akachepa mankhwalawo amakhala owawa mchere ndipo angathe kumuvulaza mwana.

Ambiri amaonera ali m'minibasi, mawu atatseka. N'chifukwa chake papepala lanu pakhale mbali ziwiri, kumanzere zoyankhula, kumanja zolembedwa pachithunzi. Zolembedwazo zisabwereze zonse. Pamene mukunena za madzi, pangooneka mawu akuti "LITA IMODZI", ndipo akhalepo mpaka munthu atawawerenga kawiri. Aikeni chapakati, chifukwa m'munsi ndi kumanja mumakhala mabatani amene angawaphimbe.

Musanatumize, muonetseni mnzanu vidiyoyo mutatseka mawu, akuuzeni kuti madzi ndi ochuluka bwanji.