Musafufute dzina musanakopere zolembedwa pambali pake

Tiyerekeze kuti kukubwera thandizo la chimanga m'midzi ina ya kwa T/A Malemia, ku Domasi. Mlangizi wa zaumoyo wabwera ndi mayina 60, mlembi wa VDC ali ndi 45, amfumu nawo atumiza 35 olembedwa m'kope. Inu mwauzidwa kuti pofika mawa pakhale mndandanda umodzi.

Mapepala atatuwo asungeni monga abwerera, osakhwachapo kanthu. Koperani mayina onse 140 pa tsamba latsopano, ndipo pa mzere uliwonse muonetse amene anabweretsa dzinalo ndi tsiku limene analemba. Ukabuka mkangano, n'zimene zidzakuwomboleni.

Dzina lokha musalidalire. Kuno mayi mmodzi angalembedwe kuti Abiti Saidi m'kope la amfumu, kwa mlangizi n'kulembedwa dzina la amuna ake, kwa VDC dzina la pa chiphaso. Saidi yemweyo wina alemba Sayidi. Komanso m'mudzi umodzi mungakhale anthu awiri osiyana a dzina limodzi, ndipo mukawaphatikiza, banja lina ligona ndi njala. Gwiritsani ntchito nambala ya chiphaso cha unzika cha ku NRB, koma musamale chilembo O ndi nambala 0, poti olemba pamanja amazisokoneza. Nambala ya foni njosathandiza kwenikweni, chifukwa foni imodzi imatha kutumikira makomo atatu. Amene alibe chiphaso, yerekezani mudzi, zaka ndi mutu wa banja, kenaka mukafunse amfumu.

Ngati muli pa Excel, batani la Remove Duplicates lisiyeni. Limasunga mzere woyamba n'kutaya enawo pamodzi ndi zonse zolembedwamo. Mlangizi analemba kuti mayiyo ndi woyembekezera, a VDC kuti nyumba yake inagwa ndi mvula, amfumu kuti akulera ana amasiye awiri. Mukadina batanilo, mfundo ziwiri zapita osakuchenjezani kuti ndi ziti. Ngati manambala a ziphaso ali mu C, lembani izi pambali n'kukokera pansi:

```
=COUNTIF(C:C,C2)
```

Paliponse potuluka 2 kapena 3, sonkhanitsani mfundo zonse pa mzere umodzi, iliyonse ndi mwini wake. Zikatsutsana, wina akuti banjalo lili ndi anthu asanu, wina asanu ndi awiri, musagamule muli mu ofesi. Lembani zonse ziwiri, muikepo chizindikiro choti zikafufuzidwe. Mizere yobwerezayo isamutsireni pa tsamba lina, osaitaya.

Pomaliza werengani. Ngati mwasamutsa mizere 38, mndandanda wanu ukhale ndi mayina 102. Mukapeza 101, pali munthu wasowa, ndipo musapereke pepalalo kwa abwana mpaka mutamupeza.