Agogo avomera, koma makina aona china

Makina a MRI atafika pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre mu 2008, kafukufuku wa ubongo anayamba kuyenda ndi zithunzi. Zithunzizo n'zimene zinathandiza kusonyeza mu 2015 kuti ana ambiri amene amamwalira ndi malungo a m'bongo amakhala kuti ubongo wawo watupa kwambiri. Koma makinawa sasankha choti aone. Inu mukufufuza za kuiwalaiwala, iwo akuonetsani chotupa chimene palibe amachifuna. Funso lakuti mudzatani tsiku limenelo liyenera kuyankhidwa pa tebulo lotengera chilolezo, munthu asanagone m'makina.

Tiyerekeze kuti ndinu namwino wa kafukufuku wa matenda oiwalaiwala. Abwera agogo aakazi a zaka 68, ndi mwana wawo wamwamuna ngati gadiyani. Mukuwerenga fomu, iwo akungoti "eya, adokotala" pa mzere uliwonse. Mwanayo walandira kale cholembera. Musam'patse fomuyo. Matenda oiwalaiwala pawokha sachotsa ufulu wa munthu wodzisankhira, ndiponso "eya" wa ulemu si chilolezo. Ntchito yanu ndi kuyesa ngati agogowa angathe kupanga chisankho ichi, lero.

Akatswiri awiri a ku America, Paul Appelbaum ndi Thomas Grisso, anagawa luso limeneli panayi: kumvetsa zimene wauzidwa, kuzindikira kuti zikukhudza iyeyo, kuyeza ubwino ndi kuipa kwake, ndi kunena chimene wasankha osasinthasintha. Poyesa, pewani funso lakuti "Mwamva?" chifukwa yankho lake mukulidziwa kale. Nenani kuti, "Agogo, tandiuzeni m'mawu anu, mawa tidzakuchitani chiyani?" Kenako, "Mukakana, kodi mankhwala anu a kuthamanga kwa magazi adzakumanani?" Akayankha kuti adzawamana, sanamvetse kuti kulowa n'kodzifunira. Fotokozaninso, mufunsenso. Gawo lachiwiri lija ndilo limapusitsa ambiri. Agogo atha kubwereza bwinobwino kuti "ndi kafukufuku", koma mukafunsa chimene abwerera n'kumva kuti "kudzandichiza mutu". Mawu awagwira, koma sanaone kuti kujambulako sikuwachiritsa.

Musathamangire kulemba kuti alephera. Okalamba ambiri oiwalaiwala amasokonezeka kwambiri madzulo, choncho yesaninso m'mawa, atadya, pamalo opanda phokoso. Onani ngati vuto si makutu chabe. Munthu wodwala sitiroko amene lilime lamangika angathe kumvetsa zonse, n'kuyankha poloza zithunzi. Kusadziwa kulemba nakonso si kulephera kuganiza: amadinda chala pamaso pa mboni yosakhala ya m'gulu lofufuza.

Akalepheradi, chilolezo chimachokera kwa wowaimira wovomerezeka malinga ndi ndondomeko imene komiti ngati COMREC kapena NHSRC inavomereza. Amene wabwera nawo si nthawi zonse amakhala woyenera. Mwina ndi amene anali ndi ndalama ya minibasi basi. Ndipo ngakhale mwana wasaina, Chikalata cha Helsinki, chimene chinalembedwa mu 1964 n'kukonzedwanso komaliza mu 2024, chimafuna kuti kukana kwa mwiniwake kulemekezedwe. Agogo akayamba kukankha chipewa chija chimene amawaveka kumutu m'makina, kapena kulira kuti awatulutse, kujambula kwathera pomwepo.

Tsopano nkhani ya zopezeka mwangozi. Kafukufuku wa mu 2009 wophatikiza zithunzi za anthu opitirira 19,000 opanda zizindikiro za matenda a ubongo anapeza chachilendo mwa anthu 2.7 pa 100 alionse, pafupifupi mmodzi pa 37. Ku Rotterdam mu 2007, mwa anthu 2,000 a zaka 45 kupita m'tsogolo, 1.8 pa 100 anali ndi mtsempha wa magazi wofufuma ndipo 1.6 pa 100 anali ndi chotupa chosakhala khansa. Ngati mukujambula anthu 400, yembekezerani ngati khumi ndi mmodzi, mwinanso kuposa poti anu ndi okalamba. Chinthu chimene mungachiwerengeretu chotere sichiyenera kukudzidzimutsani, ndipo chiyenera kukhala mu bajeti.

Pa tebulo lija, auzeni zinthu ziwiri momveka. Choyamba, zithunzi za kafukufuku zimajambulidwa kuti ziyankhe funso la ofufuza, nthawi zambiri popanda mankhwala obaya oonetsa zotupa bwino, ndiye kusaitanidwa sikutanthauza kuti m'mutu muli bwino. Chachiwiri, afunseni kuti, "Tikapeza china, tiuze ndani? Inu nokha, kapena pamodzi ndi ndani?" Lembani dzinalo. Munthu amene walephera kumvetsa kafukufuku yense nthawi zambiri amathabe kutchula amene amam'khulupirira, ndipo mungadabwe kumva akutchula mchemwali wawo, osati mwana amene wakhala pambali. Kuno kwathu, kumene okalamba oiwalaiwala amanenedwa ufiti, mawu akuti "awapeza ndi chinthu m'mutu" akafika m'khutu lolakwika amatha kuwononga kuposa chotupacho.

Tsiku lojambula lafika. Wojambula waona kanthu kozungulira, ka masentimita awiri, komatirira ku chikuto cha ubongo. Mwana uja wasuzumira pakhomo, akuti, "Achimwene, mwaonapo chiyani?" Yankho ndi limodzi kwa aliyense, kaya chithunzi chili bwino kapena ayi: "Zithunzi amawerenga ndi adokotala, ine ndimangojambula." Mukazolowera kuuza ena kuti "zili bwino", tsiku limene mudzakhale chete lidzakhala ngati mwalengeza kale. Wojambulayo adziwitse mkulu wa kafukufuku tsiku lomwelo, chithunzi chipite kwa dokotala wowerenga zithunzi, ndipo agogo asanyamuke dokotala wa kafukufuku asanaone ngati si zadzidzidzi.

Zadzidzidzi ndi monga magazi oundana pansi pa chigaza amene akukankha ubongo, madzi odzadza m'kati mwa ubongo, kapena chotupa chokhala ndi kutupa kozungulira. Izi zimapita ku chipatala tsiku lomwelo. Kumbali inayo kuli zinthu ngati kathumba kakang'ono ka madzi kamene munthu anabadwa nako, kosavuta. Magulu ambiri sanena zimenezi, bola fomu inafotokozeratu. Cha agogowa chili pakati. Dokotala akuganiza kuti ndi meninjiyoma, chotupa chimene nthawi zambiri si khansa ndipo chimakula pang'onopang'ono. Chaching'ono chosavutitsa amangochiyang'anira pojambulanso pakapita miyezi. Koma n'chofunika kunena, chifukwa chikakula chingayambitse kukomoka ngati kwa khunyu kapena kufooka mbali imodzi, ndipo banja lodziwa silitaya nthawi.

Wonena akhale dokotala, pamaso m'pamaso, osati pa foni kapena kudzera mwa dalaivala wa kafukufuku. Alankhule kwa agogo eni ake, munthu anamutchula uja ali pomwepo. Mawu akhale ngati awa: "Taona kachotupa kamene sitimakafuna. Sikakuoneka ngati khansa, koma chithunzi chathu sichingatsimikize. Tikufuna mujambulidwenso ku chipatala." Poti mawa agogo akhoza kuiwala, zilembedwe m'kabuku kawo ka kuchipatala ndi pa kalata yowatumiza, pamodzi ndi zizindikiro zoti abwerere msanga.

Pamene magulu ambiri amagwa ndi apa: kalata yaperekedwa, fayilo yatsekedwa. Madokotala ochita opaleshoni ya ubongo m'Malawi ndi ochepa kwambiri, ndipo banja la kumudzi lingasunge kalatayo m'chikwama chaka chonse, lili ndi mantha koma lopanda thiransipoti. Ndondomeko yanu itchule kiliniki yolandira anthu otere, wolipira ulendo ndi kujambula kwachiwiri, ndi wogwira ntchito amene adzaimbe foni pakatha milungu iwiri kufunsa ngati anafikako. Ngati mizere imeneyi mulibe, pitani nayo nkhaniyo kwa mkulu wa kafukufuku, apemphe komiti kuti ndondomekoyo ikonzedwe musanalembe munthu wotsatira.