Ulendo wa phala la nsinjiro m'matumbo aang'ono

Amayi anzanga, tikamakamba za kugaya chakudya ambiri timaganiza za chifu. Komatu chifu chimangoyamba ntchitoyi. Malo amene chakudya chimagayika kotheratu n'kulowa m'magazi ndi matumbo aang'ono. Tiyeni titsatire mbale imodzi ya phala la mgaiwa lothira nsinjiro, tione zimene zimalichitikira, kenaka tione chimene chimalakwika mwana akatsegula m'mimba.

M'phalali muli zinthu zitatu. Ufa uli ndi sitachi, chakudya chopatsa mphamvu. Nsinjiro zili ndi mapuloteni omanga thupi ndiponso mafuta. Zitatu zonsezi n'zazikulu moti sizingadutse khoma la matumbo zisanaphwanyidwe. Sitachi ili ngati mkanda wautali umene mikanda yake yonse ndi shuga wotchedwa gulukozi. Mapuloteni nawonso ali ngati mkanda, koma timikanda take ndi tosiyanasiyana, totchedwa amino asidi. Kugaya ndiko kudula mkandawo mpaka kamkanda kalikonse katakhala pakokha. Odula ake ndi timadzi totchedwa enzayimu, ndipo mtundu uliwonse uli ndi ntchito yakeyake.

Kwa munthu wamkulu matumbo aang'ono ndi aatali pafupifupi mamita 6. Gawo loyamba, lotchedwa duwodinamu, n'lalifupi, pafupifupi masentimita 25, koma ndiye posakanizira pake. Phala limafika pano pang'onopang'ono lili lowawasa ndi asidi wa m'chifu. Kapamba, chiwalo chomwe chija chimapanga insulini, amathira madzi okhala ndi soda, ofanana ndi soda yathu yophikira therere, ndipo asidi uja amatha ukali. Popanda zimenezi enzayimu za kapamba sizigwira bwino ntchito. M'madzi omwewo muli amilezi wodula sitachi, tiripusini wopitiriza kudula mapuloteni amene chifu chinayamba kale kuwadula, ndi lipezi wophwanya mafuta.

Mafuta ali ndi vuto lawo: sasakanikirana ndi madzi. Mukudziwa kuti poto wa mafuta sayera ndi madzi okha, amafuna sopo. Sopo wa m'matumbo ndi ndulu. Madzi a nduluwa amapangidwa m'chiwindi, amasungidwa m'kathumba kaja timakachotsa mosamala tikamatumbula nkhuku, ndipo amafinyidwira m'duwodinamu mafuta akangofika. Ndulu imagawa mafuta kukhala timadontho ting'onoting'ono kuti lipezi atifikire mbali zonse.

Kuchoka apo phala limalowa gawo lachiwiri, jejunamu, kumene chakudya chambiri chimayamwidwa. Amene munatembenuzapo matumbo a mbuzi potsuka munaona kuti mkati mwake ndi mofewa ngati thaulo. Ngati mmene timaulusi ta thaulo timamwera madzi, khomali lili ndi tizala tambirimbiri timene timayamwa chakudya. Pamwamba pa tizalati pali enzayimu zomalizitsa kudula. Imodzi mwa izo ndi lakitezi, imene imadula shuga wa mumkaka. Muikumbukire, tikumana nayonso.

Gulukozi salowa yekha m'khomamo. Khomo lake limatseguka akabwera pamodzi ndi sodiyamu, amene timamupeza mumchere, ndipo awiriwa akalowa madzi amawatsatira. Amino asidi ambiri amalowanso moperekezedwa ndi sodiyamu. Akadutsa khoma, gulukozi ndi amino asidi amalowa m'timitsempha ta magazi n'kupita kuchiwindi, chimene chimasunga ena ndi kutumiza ena m'thupi lonse.

Mafuta ambiri amadzera njira ina. Akalowa m'khoma amamangidwanso m'timipira, n'kulowa m'timitsempha ta madzi otchedwa limfu, timene timakathira m'magazi chakumunsi kwa khosi. Mavitamini A, D, E ndi K amakwera nawo timipira timeneti. N'chifukwa chake maungu kapena chisoso chotendera chimapatsa mwana vitamini A wambiri kuposa chongowiritsa m'madzi ndi mchere. Gawo lomaliza, iliyamu, limakunkha zotsalira, limayamwa vitamini B12, ndipo limabweza mchere wa mu ndulu kuchiwindi kuti ukagwirenso ntchito.

Tsopano tione zikalakwika. Mayi wina anabwera ndi mwana wa chaka chimodzi ndi miyezi iwiri amene anakhala akutsegula m'mimba kwa sabata. Pofuna kuti mimba ipume, mayiyo anasiya kumuyamwitsa ndi kumupatsa nsinjiro. Ankangomupatsa phala lamadzimadzi ndi mkaka wa ng'ombe. Mwana akangomwa mkakawo mimba inkafufuma ndi kulira, chimbudzi chinkatuluka chamadzi, chathovu, chonunkha mowawasa, ndipo kumatako kunali kutasupuka.

Chinachitika n'chiyani? Tizilombo toyambitsa kutsegula m'mimba tinali titaononga nsonga za tizala tija, ndipo lakitezi amakhala kunsongako. Shuga wa mumkaka wosadulidwa anakokera madzi m'matumbo, ndipo atafika m'matumbo aakulu mabakiteriya anamusasitsa n'kutulutsa mpweya ndi asidi. Mpweyawo ndiwo unkafufumitsa mimba, asidiyo ndiye ankasupula khungu.

Tinamupatsa ORS, paketi imodzi kusungunula m'lita imodzi ya madzi aukhondo. Mankhwalawa amagwira ntchito chifukwa khomo la gulukozi ndi sodiyamu lija limapitirizabe kugwira ntchito ngakhale mwana akutsegula m'mimba. Muyezo ndi wofunika: mukachepetsa madzi, kapena mukapereka zakumwa zotsekemera kwambiri za m'mabotolo, shuga wochulukayo amakokera madzi m'matumbo ndipo kutsegulako kumakula. Tinamupatsanso zinki, piritsi la mamiligalamu 20 tsiku lililonse. Ana opitirira miyezi 6 amamwa kwa masiku 10 mpaka 14, monga azaumoyo akuuzirani, ngakhale kutsegulako kutasiya.

Mayiyo tinamupempha kuti ayambirenso kuyamwitsa pafupipafupi. Mkaka wa m'mawere nawonso uli ndi shuga yemwe uja, koma ana amaulandira bwino ndipo uli ndi zoteteza matumbo, choncho sausiya. Mkaka wa ng'ombe tinati auchepetse ndi theka kwa masiku ochepa kapena apereke chambiko, mmene shuga wina wasasa kale. Phala likhale lolimbako, losayoyoka pa sipuni, lothira nsinjiro ndi kasipuni ka mafuta ophikira, pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku. Khungu la mkati mwa matumbo limasinthidwa pa masiku atatu mpaka asanu alionse, ndipo zomangira zake zambiri limatenga m'chakudya chimene chikudutsamo. Kumana mwana chakudya kumafotetsa tizala tija n'kutalikitsa matenda. Pomutha sabata chimbudzi chinalimba, ndipo tinalangiza mayiyo kuwonjezera chakudya kamodzi pa tsiku kwa masabata awiri kuti sikelo ibwerere.

Chimbudzi chimatiuzanso za mafuta. Chikakhala chotuwa, chonona, chonunkha kwambiri ndi chovuta kutsuka pa thewera, mafuta sakugayika, ndipo vuto lingakhale ku kapamba, ku ndulu kapena m'khoma la matumbo. Inu amene mumayendera amayi ongobereka kumene, yang'anani izi: ndulu ndiyo imapatsa chimbudzi mtundu wake. Khanda limene maso ake akadali achikasu patatha masabata awiri, chimbudzi chake n'choyera ngati dothi la makande otuwa ndipo mkodzo wake ndi wachikasu kwambiri, lingakhale ndi njira ya ndulu yotsekeka. Limeneli lipite kuchipatala chachikulu mwamsanga, chifukwa opaleshoni yake imathandiza kwambiri ikachitika khanda lisanathe miyezi iwiri.

Pitaninso kuchipatala tsiku lomwelo ngati mwana wotsegula m'mimba akukana kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, maso alowa, wafooka kwambiri, m'chimbudzi muli magazi, kapena kutsegulako kwafika masiku 14. Panjira popita, pitirizani kumumwetsa ORS pang'onopang'ono ndi kumuyamwitsa.