MFUNDO ZINAI ZIMENE NESI AMASIYIRA MNZACE POWERUKA

Wodwala akagonekedwa m'cipatala sakhala m'manja mwa nesi mmodzi. Wa usiku amaweruka m'mawa, wa masana nayamba nchito. Pa nthawi yosinthana imeneyi woweruka amasiyira mnzace lipoti la wodwala aliyense. Ngati m'lipotimo mwasowa mfundo imodzi, monga nthawi ya nyeleti yotsatira, wodwala angaphonye mankhwala ngakhale manesi onse awiri ali odziwa nchito yao. Lero tiphunzira m'mene lipoti lolembedwa mwa cisawawa limakonzedwera kuti likhale m'zigawo zinai zosasintha, ndi m'mene inu odwazika mungathandizire.

Njira imeneyi anchito a zaumoyo amaicha SBAR, kutengera malemba oyamba a mau anai a Cingelezi. Inayambira kwa asilikali a pamadzi a ku Amereka, ndipo mu 2007 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linailimbikitsa kuti zipatala ziziigwiritsa nchito popatsana odwala. M'cinenero cathu zigawozo ndi izi: zimene zikucitika tsopano, mbiri ya matenda, zimene ndapeza, ndi zoyenera kucita.

Tiyeni titenge citsanzo congoyerekeza. Mwana wa zaka 2 wabwera usiku kucokera ku kiliniki ya kumudzi m'boma la Lundazi, ali ndi malungo akulu. Nesi wa usiku walemba motere: "Mwana wa pa bedi 6 anabwera ndi malungo. Sanagone bwino, thupi likali lotentha. Mankhwala apatsidwa. Mai ace ali pafupi. Pitirizani kumuona."

Mulibe bodza m'mau amenewa, koma wa masana sangagwire nao nchito. Thupi latentha kufika pati? Mankhwala ace ndi ati, ndipo anapatsidwa nthawi yanji? Kumuona ndiko kuona ciani? Tsono tiyeni tikonze lipotili cigawo ndi cigawo.

Cigawo coyamba: zimene zikucitika tsopano. Apa nesi achula wodwala ndi cimene cikumdetsa nkhawa, m'mizere iwiri cabe. Alemba dzina la mwana, zaka zace ndi bedi lace, ndiyeno: "Pa 05 koloko m'mawa wayamba kupuma mofulumira ndipo akukana kumwa." Vuto limayamba kuchulidwa kuti wowerenga adziwe pomwepo ngati ayenera kuthamanga kapena ai.

Cigawo caciwiri: mbiri ya matenda. Si mbiri yonse ya moyo wa mwana, koma zokhazo zokhudza vuto la lero. "Thupi latentha masiku atatu. Anakomoka kamodzi kunyumba. Magazi aonetsa malungo. Sikelo yace ndi makilogalamu 11. Nyeleti yoyamba ya atesuneti, mamiligalamu 33, inabayidwa pa 21 koloko usiku. Mlingo wa magazi unali 6.2 pofika." Sikelo ilembedwa cifukwa mankhwalawa amayezedwa ndi kulemera kwa mwana: wosakwana makilogalamu 20 amalandira mamiligalamu atatu pa kilogalamu iliyonse. Motero wa masana angawerengerenso yekha naona kuti 33 ndi mlingo woyenera.

Cigawo cacitatu: zimene ndapeza. Apa mau akuti "ali bwino pang'ono" saloledwa. Pafunika manambala ndi nthawi yace. "Pa 05 koloko kutentha kwa thupi 39.2. Akupuma ka 48 pa mphindi imodzi. Zikhatho zayera kupambana usiku. Ndiganiza kuti magazi akucepera-cepera." Mwana wa caka cimodzi kufikira zaka zisanu akapuma ka 40 kapena kuposa pa mphindi, ndiye kuti akupuma mofulumira. Mau akuti "ndiganiza" nawonso ndi ofunika. Nesi amene wacezera ndi mwana usiku wonse waona zimene dokotala sanaone, ndipo fomu imampatsa malo onenerapo maganizo ace popanda mantha.

Cigawo cacinai: zoyenera kucita. Ciliconse cikhale ndi nthawi yace ndi mwini wace. "Dokotala amuone tsopano, asadikire nthawi yoyendera wodi. A ku labu apimenso mlingo wa magazi ndi shuga m'mawa uno. Ngati magazi atsika pansi pa 5, akonzekere kumuika magazi. Nyeleti yaciwiri pa 09 koloko, yacitatu pa 21 koloko." Nyeleti za atesuneti zimabayidwa poyamba, patapita maola 12, ndiponso patapita maola 24. Lipoti loyamba lija linangoti "mankhwala apatsidwa", ndipo wa masana akanaganiza kuti za tsikulo zatha.

Onani kuti nesi sanaonjeze nchito yaikuru. Kutentha kwa thupi anali atapima kale, nthawi ya nyeleti anali kuidziwa. Zinali m'mutu mwace ndi pa cati ya mankhwala, koma sizinalowe m'lipoti. Ubwino wa fomu ndi wakuti cigawo cosalembedwa cimaonekera poyera, ndipo wolandira amafunsa mnzace asanatuluke pa cipata.

Komabe fomu payokha siciritsa munthu. Imalakwika m'njira ziwiri zodziwika. Yoyamba ndiyo kukopera za dzulo: mukaona manambala ofanana ndendende m'mawa, masana ndi usiku, kapena manambala opanda nthawi, kayikirani ngati wodwalayo anapimidwadi. Yaciwiri ndiyo kulemba "pitirizani mankhwala" m'cigawo cacinai, kumene kuli kubwerera ku cisawawa cakale. Mankhwala a zolakwa zimenezi ndi akuti manesi awiriwo aime pa bedi la wodwala, ndipo wolandira abwereze ndi pakamwa zimene wamva: "Nyeleti pa 09 koloko, magazi apimidwenso tsopano." Akalakwa, mnzace amkonza pomwepo.

Zigawo zomwezi zimafunika koposa pamene wodwala atumizidwa ku cipatala cina. Kucokera ku Lundazi kufika ku cipatala cacikuru ca Chipata pali makilomita oposa 170. Amene adzalandira mwanayo sanamuonepo, ndipo nesi amene anambaya nyeleti yoyamba watsala kutali. Ngati kalata siinena nthawi ya nyeletiyo, iwo angacedwetse yaciwiri kapena kuibaya nthawi isanakwane.

Nanga inu makolo ndi odwazika, mbali yanu ndi iti? Cigawo caciwiri cimadalira inu. Nesi sangalembe zimene simunamuuze. Nenani tsiku limene matenda anayamba, ngati mwana anakomoka ndipo kangati, ndi mankhwala onse amene anamwa kunyumba, kaya a ku kantemba kaya a zitsamba. Ngati mapaketi ace alipo, bwerani nao, pamodzi ndi khadi la ku sikelo. Manesi amalemba m'Cingelezi, koma inu fotokozani m'Citumbuka kapena m'Cinyanja, m'mene mumasukira. Ngati simunamvane, pemphani wina amasulire.

Manesi akasinthana, funsani mwaulemu mafunso awiri: "Kodi mankhwala otsatira ndi nthawi yanji?" ndi "Ndikaona ciani ndikuitaneni msanga?" Kwa mwana wa malungo akulu, itanani nesi akakomoka, akapuma mobanika, akakana kumwa kapena kuyamwa, akasanza ciriconse, kapena akagona tulo tosadzutsika. Nthawi ya nyeleti ikapitirira, kumbutsani. Kukumbutsa si mwano ai. Manesi amasinthana, koma inu mumakhala pa bedi lomwelo usana ndi usiku.