Katapila wa mu Januwale amadya fizi ya mu Epulo

Bambo wina, dalaivala pa kampani ina ku Blantyre, ali ndi mwana wamkazi pa sekondale yogonera konko. Fizi ndi K240,000 pa teremu. Tikaonjezapo thiransipoti, makope, sopo, shuga ndi kandalama kam'thumba, teremu iliyonse imafuna K300,000. Mu Sepitembala analipira bwinobwino, mwana analowa Fomu 3. Kuyambira pamenepo nkhani ya fizi anaiika pambali, poganiza kuti Januwale ali kutali.

Disembala anafika ndi zake. Kumudzi kunafunika feteleza, ana anafuna zovala za Khirisimasi, kuchikazi kunali chinkhoswe. Sukulu itatsala pang'ono kutsekulidwa, m'manja munali K150,000 yokha. Theka linalo anakalitenga kwa wakatapila, pa mgwirizano woti mwezi ukatha abweze K225,000. Kutha kwa Januwale sanakwanitse, ndiye anangopereka chiwongoladzanja cha K75,000 kuti ngongole idikire. Kutha kwa Febuluwale anachita chimodzimodzi. Mu Malichi anagulitsa mbuzi ziwiri zakumudzi ndi wailesi yakanema, n'kutseka ngongoleyo. Anakongola K150,000, anabweza K375,000.

Chowawa kwambiri chinabwera mu Epulo. Teremu yachitatu inatsekulidwa alibe ngakhale tambala, ndipo choti agulitse chinali chitatha. Mwana uja anakhala pakhomo masabata atatu anzake akuphunzira, chaka chotsatira n'cholemba mayeso a MSCE. Mayi ake ankangoti, "Bambo, kodi mwanayu azingotsuka mbale?" Bamboyo analibe choyankha.

Sindikunena izi pofuna kumuweruza, chifukwa ndi munthu wolimbikira ndipo mwana wake amamukonda. Koma taonani bwino chimene chinachitika. Miyezi iwiri yotsatizana anapeza K75,000 yopatsa wakatapila. Anaifinya pa ndiwo, pa makala, pa minibasi. Choncho mphamvu yopatula ndalama mwezi ndi mwezi anali nayo. Anangoipatula mochedwa, ikupita m'thumba la munthu wina. Akanayamba kupatula ndalama yomweyo kuchokera mu Sepitembala, akanakhala ndi K300,000 yathunthu pofika Januwale.

Fizi si ngozi ngati matenda kapena maliro. Tsiku lake limadziwika, mtengo wake umadziwika. N'chifukwa chake imafuna thumba lakelake: ndalama yoponyedwa pang'onopang'ono kuti ikakwane pa tsiku lodziwikalo, ikatuluke yonse, kenako kuponya kuyambirenso. Thumba limeneli si lomwe timatapamo pakagwa zovuta, ndipo si mpamba wa geni.

Kawerengedwe kake n'kosavuta, koma kali ndi msampha. Pa chitsanzo chathu, materemu atatu ndi K900,000. Tionjezepo K60,000 ya yunifolomu ndi nsapato za mu Sepitembala, yonse ndi K960,000 pa chaka. Kugawa pa miyezi 12 kumatipatsa K80,000 pa mwezi. Ambiri amaima pamenepa, koma materemu athu sanatalikirane mofanana. Kuchoka pa fizi ya Sepitembala kufika pa ya Januwale munthu amalandira malipiro kanayi. Kuchoka Januwale kufika Epulo amalandira katatu kokha, ndipo ndi miyezi ya njala, chimanga chitakwera mtengo. Kuchoka Epulo kufika Sepitembala amalandira kasanu.

Tiyese K80,000 ija. Pofika Januwale thumba lili ndi K320,000, mwalipira K300,000, yatsala K20,000. Miyezi itatu yotsatira ibweretsa K240,000, ndiye mu Epulo muli ndi K260,000. Mwaperewera K40,000, ngakhale simunadumphe mwezi ndi umodzi womwe. Pamenepa ndi pomwe munthu amataya mtima n'kunena kuti kusunga sikuthandiza, chonsecho cholakwika ndi samu. Choyenera ndi kuwerenga materemu awiri oyandikanawo pamodzi: K600,000 iyenera kupezeka m'miyezi 7, kutanthauza pafupifupi K86,000 pa mwezi. Ine ndingati ikani K90,000. Mu Januwale mudzatsala ndi K60,000, mu Epulo K30,000, ndipo pofika Sepitembala thumba lidzakhala ndi K480,000 pamene chofunika ndi K360,000.

Yotsalayo musaione ngati phindu loti mudye. Sukulu zambiri zimakweza fizi poyamba chaka, ndipo kalata yake imabwera mwana akamatsekera, nthawi yokonzekera itachepa. Zinthu zikagwedezeka, monga mu Novembala 2023 pamene mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, mitengo ya chakudya ndi thiransipoti imakwera, fizi n'kutsatira. Kalata ya fizi yatsopano ikangofika, tsiku lomwelo bwerezani samu yanu.

Amene salandira pamwezi awerenge pa sabata: K90,000 ndi pafupifupi K21,000 pa sabata, kapena K3,000 pa tsiku. Mlimi yekha ndiye amaponya mosiyana, chifukwa ndalama yake imabwera kamodzi akagulitsa soya, mtedza kapena fodya. Iyeyo apatuliretu fizi ya materemu onse atatu tsiku lomwe wagulitsa, asanagule china chilichonse.

Nanga ndalamayo izikhala kuti? Pa foni yomwe mumagulira mayunitsi ndi magetsi sipabwino. Ndalama ya pa Airtel Money kapena Mpamba imatuluka mosavuta, ndipo imatha ndi ti K2,000 timene munthu amati adzabwezera mawa. Bwino akaunti yapadera ya kubanki, khadi lake lizikhala kunyumba, koma funsani kaye zimene amadula pamwezi. Banki m'khonde imathandiza ambiri, komabe magulu ochuluka amagawana kamodzi pachaka, nthawi zambiri cha mu Disembala. Imeneyo ingatseke Januwale, koma ya Epulo siingatseke, ndipo wina akalephera kubweza ngongole gawo lanu limachepa. Chipereganyu nachonso chimathandiza pokhapokha tsiku lanu lolandira likagwa sukulu isanatsekulidwe. Njira ina yomwe ndimaikonda ndi kufunsa kusukulu ngati angalole kulipiratu pang'onopang'ono ku akaunti yawo. Ndalama imene yalowa kale kumeneko m'bale sangaipemphe. Ngati alola, lembani dzina la mwana ndi kalasi yake pa silipi iliyonse, muijambule pa foni, muisunge.

Chizindikiro choti thumba layamba kudwala chimaoneka msanga. Lembani m'kope ndalama imene iyenera kukhalamo kutha kwa mwezi uliwonse: K90,000 mu Sepitembala, K180,000 mu Okutobala, K270,000 mu Novembala. Ikaperewera, gawani yoperewerayo pa miyezi yotsala nthawi yomweyo. Kusiya kuti mudzakonza mu Disembala n'kudzinamiza, chifukwa Disembala sasiyira munthu kanthu. Ndipo m'banja nonse awiri muzidziwa za kopelo, kuti pakabwera wodandaula yankho likhale limodzi: iyi ndi ya sukulu.

Pali malire ake. Ngati samu ikuonetsa K90,000 pamene mungakwanitse K50,000 yokha, thumba silingapange ndalama yomwe kulibe. Koma limakuuzani zoona mu Okutobala, nthawi ikadalipo yokalankhula ndi aphunzitsi aakulu za kulipira m'zigawo, yofunsira basale, kapena yosamutsira mwana ku sukulu yoyendera. Wakatapila amakuuzani zoona zomwezo mu Epulo, mwana ali kale pakhomo.

Kholo mnzanga, tengani kalata ya fizi ndi kalendala ya sukulu lero, muwerenge malipiro amene atsala tsikulo lisanafike. Mukalandira mwezi uno, yambani mwapatula ya mwana musanagule china chilichonse.